Malaiki 300 koma foni ili zii: pansi pa dizaini pazilembedwa chani?

"Akulu, ine ndimapanga madizaini kuno ku Zomba, malogo, mafulaya, maposita ndi zina zotero. Ndikaposita ntchito yanga pa Facebook anthu amayamikira koopsa, malaiki amafika mpaka 300, makomenti a moto okhaokha, koma wobwera ndi ndalama palibe olo mmodzi. Kodi pansi pa chithunzi ndizilemba chani kuti azibwera makasitomala osati ongoyamikira?" Mnyamata wa ku Chikanda

Achimwene, tisanakambe zolemba, tsegulani kaye positi yanu yomaliza ija, mudine pomwe pali malaiki kuti mayina onse atuluke, ndiye muwawerenge mmodzimmodzi ngati aphunzitsi akuitana rejisitala. Ndikhoza kubetcha kuti ambiri ndi anzanu a ku kalasi, madizaina anzanu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, azisuweni, anthu a kwaya, ndi atsikana awiri atatu omwe amalaika chilichonse chomwe mwaposita. Anthu abwino onsewo, koma pa gulu limenelo ndi angati ali ndi geni yofuna lebulo mwezi uno? Mwina awiri. Ndipo awiriwo kapishoni yanu sinawayankhule, inayankhula enawo.

Ndikunena chonchi chifukwa ndikudziwa zomwe mumalemba olo sindinaziwone, tonse tinayamba choncho. "Ntchito ina yatheka, ambuye ndi wabwino." Kapena "mwaiona bwanji, 1 mpaka 10?" Kapena mumalemba kuti mwagwiritsa Photoshop ndi Illustrator, kenako mahashitagi khumi ndi asanu. Kapishoni ngati imeneyo ndi funso, ndipo funso lake ndi lakuti "kodi ndimatha?" Ndiye anthu amakuyankhani zomwe mwafunsazo, eya mumatha, mwaitha, dolo, moto moto. Palibe amene walakwitsa. Mayi wogulitsa chiponde ku Matawale akaona positi yomweyo amaona chithunzi chokongola chomwe sichikumukhudza, ngati mmene munthu amaonera galimoto ya eni ikudutsa pa msewu wa ku Liwonde. Sadziwa kuti chinthucho chimagulitsidwa, sadziwa mtengo, sadziwa ngati inuyo mumalandira ntchito za anthu wamba kapena za mabungwe okhaokha, ndipo Illustrator kwa iye ndi dzina chabe.

Ndikufotokozereni ntchito imodzi yanga, chifukwa ndi pomwe ineyo ndinaphunzirira.

Panali mayi wina wa ku Matawale komweko amene amapanga chiponde n'kumaika m'mabotolo a pulasitiki a 500g, amasiya m'magolosale angapo ndipo zina amagulitsa ku ofesi kwa amuna awo. Lebulo yawo yoyamba anawapangira mwana wawo pa Word, amapulinta pa pepala wamba n'kumata ndi guluu. Ndiye chiponde mukuchidziwa, mafuta ake sachedwa kutulukira, pakatha sabata lebulo imakhala yonyowa, zilembo zafufutika, botolo likuoneka ngati lakhalitsa chaka pamene ndi latsopano. Vuto lina linali loti dzina la chiponde linalembedwa lalitali kuzungulira botolo lonse, ukaliika pa shelefu umangoona zilembo zinayi zapakati, zina zonse zapita kumbuyo. Ine ndinapita kwawo, ndinatenga kapepala n'kukulunga botolo kuti ndiyeze, kuzungulira kwake kunali masentimita 26. Pa botolo lozungulira choncho, chomwe munthu amawerenga bwinobwino akaima kutsogolo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu basi, masentimita 8 kapena 9. Ndiye dzina ndinaliika lonse m'kati mwa masentimita 8 apakati, zina zonse monga zosakaniza, nambala ya foni, malo olemba tsiku lopangira ndi tsiku lothera ndinaziika m'mbali. Lebulo yonse ndinaichepetsa kukhala masentimita 19 m'litali ndi 6.5 m'lifupi, dala, chifukwa pepala la A4 ndi masentimita 21 kwa 29.7 ndipo saizi imeneyo zimakwanapo zinayi, pamene yakale ija zimakwana zitatu. Ndinawauzanso kuti asiye pepala wamba azipulintitsa pa sitika yosalowa madzi.

Ntchito itatha ndinaiposita. Ndinaika botolo la pakompyuta lija lonyezimira, mokapu, kumbuyo kuli koyera mbee, ndipo pansi ndinalemba kuti "kadizaini katsopano, ndayesa mitundu yofunda, maganizo anu." Malaiki anabwera ambiri ndithu. Dizaina wina anandifunsa dzina la fonti. Wina anati ndimutumizire mokapuyo. Kasitomala ziro.

Patapita miyezi ndinadutsa pa golosale ina ndikupita ku Chinamwali, ndinaona mabotolo aja ali pa shelefu pakati pa sopo ndi shuga. Ndinapempha mwini golosale, ndinajambula ndi foni, chithunzi chake chosakongola kwenikweni, kuwala kochepa, kumbali kukuoneka mapaketi a machesi. Ndinawaimbira mayi aja kuwapempha ngati ndingaposite pamodzi ndi lebulo yakale ija, anavomera. Ndiye ulendo uno ndinalemba chonchi:

"Mumapanga chiponde, uchi kapena tsabola wa m'botolo koma lebulo imanyowa ndi mafuta? Mayi awa a ku Matawale lebulo yawo inkafufutika pakatha sabata, ndipo pa shelefu dzina linkaoneka theka. Ndinayeza botolo lawo, dzina ndaliika pomwe wogula amaona, ndipo tsopano pa A4 imodzi pakutuluka malebulo 4 m'malo mwa 3, kutanthauza kuti mabotolo 100 akufuna mapepala 25 osati 34. Lebulo ya botolo limodzi ndimayambira K45,000, imatha masiku 4, mumasintha kawiri, ndipo mumalandira PDF yoti mukapulintitse kulikonse. Kupulinta ndi kwanu. Theka ndi dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba. Jambulani botolo lanu munditumizire pa WhatsApp, linki ili pansipa. Ndili ku Zomba konkuno, ndikhoza kubwera kudzayeza."

Mtengowo musautenge ngati lamulo, ndauika kuti muone malo ake. Makwacha athuwa mukudziwa mmene amachitira, chigwereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa chilichonse sukhalitsa, ndiye wanu muwerengere nokha malinga ndi bandulo, magetsi ndi nthawi yanu. Koma positi imeneyo malaiki ake anali ochepa kwambiri kuyerekeza ndi yoyamba, madizaina anzanga sanaikonde, inalibe choti ayamikire. Foni ndi yomwe inalira. Woyamba anali bambo wa uchi wa ku Domasi, wachiwiri mtsikana wopanga tsabola, ndipo onse anayamba ndi kutumiza chithunzi cha botolo monga ndinanenera.

Tsopano tiiphwanye pang'ono, chifukwa sindikufuna mungokopera mawuwo n'kusintha chiponde kukhala mpunga.

Mzere woyamba ndiye nkhani yonse. Pa foni kapishoni yaitali imadulidwa, pa Instagram mumaona zilembo pafupifupi 125 zokha kenako "more", pa Facebook naponso imadulidwa pakatha mizere yochepa n'kubwera "See more". Munthu amene akupukusa foni pa kabaza kapena ali pa mzere ku banki sadina pamenepo pokhapokha mzere woyamba wamukola. Ndiye ngati mwayamba ndi moni, kuthokoza ambuye, kuthokoza kasitomala chifukwa chokukhulupirirani, malo onse atha musananene kanthu. Kuthokoza sikolakwika ayi, kuikeni kumapeto. Pa mzere woyamba tchulani munthu yemwe mukumufuna ndi vuto lomwe likumusowetsa tulo, m'mawu omwe iyeyo amagwiritsa ntchito. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye inu ntchito yanu ndi kutchula m'mimbamo. Mwini geni sanena kuti "mtundu wa bizinesi yanga sukuoneka," amanena kuti lebulo ikunyowa, amanena kuti anthu akumadutsa shopu yanga osaiona, amanena kuti fulaya ndinatumiza pa gulupu anthu akundifunsabe kuti mwambo uyamba nthawi yanji. Mawu amenewo simuwapeza pa intaneti, mumawamva kwa makasitomala omwe munagwira nawo kale. Bwererani m'machati akale a WhatsApp, muwerenge uthenga woyamba womwe kasitomala aliyense anakutumizirani, kapena mvetseraninso mavoisi awo. Mizere yanu yoyamba ili mmenemo, yolembedwa kale.

Ndipo muone kuti ndinatchula chiponde, uchi ndi tsabola basi. Sindinati "aliyense wofuna dizaini." Izi anyamata ambiri zimawavuta, amaopa kuti akatchula gulu limodzi ataya ena onse, ndiye pansi pa positi iliyonse amaika mndandanda uja, malogo, mafulaya, mabana, makhadi a ukwati, makalendala, mateesheti, zikwangwani, masatifiketi, mpaka kukonza zithunzi za maliro. Mndandanda umenewo munthu sauwerenga, maso amangolumpha. Positi imodzi, munthu mmodzi. Mawa mukaposita khadi la ukwati mudzayankhule ndi akomiti a ukwati, mkuja mukaposita fulaya ya sukulu ya mkaka mudzayankhule ndi mwini sukulu. Chodabwitsa n'choti wofuna zina amabwerabe, ine wina anandifunsa za chikwangwani cha saluni pansi pa positi ya chiponde, chifukwa anaona kuti munthuyu amayeza kaye asanapange.

Pakati pa kapishoni ndi pomwe mumanena zomwe munachita, koma muzinene ngati mukufotokozera azakhali anu. Kuti ndinasankha fonti yakuti, mitundu yofunda, malo opumira maso, zimenezo ndi za ife tokha tikakumana. Wolipira akufuna amve chinthu chomwe angachiwerengere kapena kuchigwira. Mapepala 25 m'malo mwa 34 aliyense wopulintitsa akumva, chifukwa pepala lililonse amalipira. Dzina likuoneka lonse pa shelefu, akumva. Ndipo ntchito iliyonse yomwe munapangapo ili ndi kanthu kotere, kungoti simunakaganizire. Fulaya ya mwambo wa tchalitchi, mwina munakulitsa tsiku ndi malo kuti ziziwerengeka pa sitetasi popanda kuzuma. Menyu ya lesitilanti, mwina munasiya mitengo pamalo poti akhoza kumata ina osapulintanso menyu yonse, zomwe masiku ano ndi chithandizo chachikulu. Chikwangwani cha m'mbali mwa msewu, mwina munachotsa mawu ambiri n'kusiya dzina ndi nambala kuti wa pa minibasi awerenge. Nenani chimenecho, chimodzi kapena ziwiri, musapange lipoti.

Apa pali msampha umodzi ndipo ndikuchenjezeni. Musanene zomwe simungatsimikize. Mudzaona ena akulemba kuti dizaini yawo inachulukitsa malonda a kasitomala kawiri, inu musatengere. Simukudziwa ngati malonda anakwera chifukwa cha lebulo kapena chifukwa mtedza unatchipa, ndipo Zomba ndi yaing'ono achimwene, mayi a chiponde aja amapemphera limodzi ndi munthu amene akuwerenga positi yanu. Akangofunsidwa n'kuyankha kuti aaa ayi sizinafike pamenepo, mwathera pompo. Nenani zomwe munachita ndi manja anu ndi zomwe aliyense angaone. Ngati kasitomala ananena yekha mawu abwino, mupempheni kuti muwagwiritse ntchito mmene ananenera, osakometsera. Ndipo kupempha chilolezo musanaposite n'kofunika kwambiri makamaka mukamaonetsa zakale ndi zatsopano, chifukwa chakalecho mwina anapanga ndi mwana wawo kapena mlamu wawo, ndiye inu mukachiika pagulu ngati choseketsa mwanyoza banja lonse. Ine lebulo yakale ija sindinainyoze olo pang'ono, ndinangonena zomwe inkachita ikakumana ndi mafuta.

Tifike pa mtengo, pomwe ndikudziwa kuti muyamba kukanda mutu. Madizaina ambiri amalemba kuti "mtengo ku inibokisi," ndipo zifukwa zake ndimazimva. Amaopa kuti mnzawo aona n'kutsitsa wake, amaopa kuti kukabwera bungwe lalikulu adzalephera kukweza, ena kungochita manyazi basi. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Taganizani mbali ya wogula. Mayi amene sanagulepo dizaini chibadwire sadziwa ngati ndi K5,000 kapena K500,000, ndipo anthu athu sakonda kufunsa mtengo wa chinthu kenako n'kulephera, amaona ngati achita manyazi pamaso pa mwana wamng'ono. Ndiye amangokhala chete. Amene saopa kufunsa ndi aja oti olo mutawauza K2,000 adzati ndikuuzani, n'chifukwa chake inibokisi yanu imadzaza ndi "zingati?" zosapita kulikonse. Mtengo ukakhala poyera umagwira ntchito ziwiri, wopanda ndalama amadzichotsa yekha osakutayitsani bandulo, ndipo amene ali nazo amabwera atavomera kale mumtima.

Mawu oti "kuyambira" ndi amene amakutetezani. Ndipo mtengowo umangiriridwe ku chinthu chodziwika, lebulo ya botolo limodzi, fulaya ya mbali imodzi ya A5, osati "madizaini kuyambira K10,000." Bungwe likabwera kufuna zinthu khumi ndi mamitingi atatu, imeneyo ndi ntchito ina, mudzalemba kotesheni yake. Ndivomereze kuti pali ntchito zina zomwe ine sindiika mtengo, monga kupanga maonekedwe onse a kampani kapena buku la masamba ambiri, chifukwa zimasiyana kwambiri. Pamenepo ndimanena chomwe chimasintha mtengo, kuti zimatengera kuchuluka kwa masamba ndiponso ngati zithunzi muli nazo kale. Koma pa tintchito ta tsiku ndi tsiku tomwe timadyetsa dizaina ku Zomba kuno, ikani nambala. Za mnzanu wotsitsa mtengo musadandaule nazo, mitengo yanu akuidziwa kale, anatuma msuweni wake kudzakufunsani.

Timawu tija ta masiku 4, kusintha kawiri, PDF, kupulinta ndi kwanu, theka dipoziti, timaoneka ngati tosakoma pa positi koma tili ndi ntchito. Munthu wa geni akationa amadziwa kuti akuyankhula ndi munthu amene anagwirapo ntchito, osati mwana wa sukulu amene akuyeserera. Komanso kalikonse pamenepo kanabwera chifukwa cha mkangano womwe ndinakhalapo nawo. Loti kupulinta ndi kwanu ndinayamba kulemba nditakangana ndi bambo wina amene analipira dizaini ya bana n'kumadikira kuti ndimubweretsera bana yeniyeni ya mamita atatu, ndipo kunena zoona sanalakwe, sindinamuuze. Loti kusintha kawiri linabwera chifukwa cha komiti ina ya ukwati yomwe inandisinthitsa khadi maulendo osawerengeka, aliyense wa mu komiti ndi mtundu wake, mpaka tinabwerera pa loyamba lija. Dipoziti sindifotokoza n'komwe, nanunso munaonapo munthu akulandira dizaini pa WhatsApp kenako n'kusowa, mawa mukuiona pa sitetasi yake.

Kenako pomaliza muuzeni munthu chochita, chimodzi chokha, chosavuta. "Tiyeni tigwire ntchito limodzi" si chochita. "Ndipezeni" si chochita, akupezani kuti, anene chani? Anthu ambiri amalephera kulemba uthenga woyamba chifukwa sadziwa poyambira, amaopa kuoneka osadziwa. Ndiye mupatseni poyambira, jambulani botolo lanu munditumizire, kapena nditumizireni tsiku la ukwati ndi mayina, kapena jambulani kutsogolo kwa shopu yanu. Kujambula botolo aliyense amatha. Ndipo kwa inu zimathandiza kusefa, amene watumiza chithunzi ali ndi botolo ndithu, ali siriyasi.

Njira ikhalenso imodzi. Osati manambala atatu, imelo, Instagram ndi TikTok zonse pamodzi. Kwathu kuno malonda amathera pa WhatsApp, ndiye mutengereni komweko ndi linki yoti angodina:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Ndikufuna%20lebulo
```

Pa ma X mukuika nambala yanu, koma muchotse ziro woyamba uja ndipo musaike chizindikiro cha pulasi, apo ayi linki mwina siigwira. Ka %20 kakuimira mpata pakati pa mawu. Munthu akadina, WhatsApp imatseguka uthenga uli wolembedwa kale, iye kwake n'kungotumiza. Ubwino wina ndi woti positi iliyonse mukhoza kuipatsa mawu akeake, iyi "Ndikufuna lebulo," inayo "Ndikufuna khadi," ndiye mumadziwa positi yomwe yabweretsa munthu popanda kumufunsa. Pa Facebook linkiyi imadinika. Pa Instagram linki ya mu kapishoni siidinika, muiike pa bayo n'kunena kuti ili kumeneko, komanso nambala muilembe poyera chifukwa alipo akuluakulu ena omwe amafuna kuimba basi, za malinki sakhulupirira. Muiyese kaye pa foni ya mnzanu musanaposite.

Za chiyankhulo mwina mukudzifunsa. Lembani m'chiyankhulo chomwe wogulayo amachitira malonda. Ngati mukufuna mayi wa chiponde, mwini saluni, wa shopu ya ku Mpondabwino, lembani Chichewa chomwechi, chizungu cha madizaina chija chimawauza kuti zinthuzi si zawo ndipo n'zodula. Ngati ntchito yomwe mukuonetsa ndi ya lipoti la bungwe kapena posita ya msonkhano wa ku yunivesite, lembani chizungu chosavuta. Kusakaniza monga timayankhulira sikuvuta. Chomwe chimavuta ndi kulakwitsa sipelo, dizaina amene walakwitsa mawu mu kapishoni yake, ndani angamupatse khadi la ukwati loti lipulintidwe makope 300?

Chithunzi ndi kapishoni zimakokera limodzi, ndiye ndinenepo pang'ono. Mokapu yonyezimira imakopa madizaina, chithunzi cha chinthu chenicheni chili pamalo ake chimakopa wogula, chifukwa akuona kuti ntchitoyi inatuluka mu kompyuta, inapulintidwa, mitundu sinasinthe, wina analipira. Ikani zonse ziwiri ngati mukufuna, koma choyamba chikhale chenichenicho. Ngati ntchito yomwe mukuonetsa ndi yongoyeserera, palibe anakutumani, nenani choncho, "ndapanga ngati chitsanzo," ndipo kapishoni yake ikhoza kuyambabe ndi vuto la wogula. Osanamizira kuti kampani yakuti inakupatsani ntchito.

Tsopano kapishoni yabwino pa malo olakwika ndi chimodzimodzi kulalikira m'nyumba yopanda anthu. Ngati anzanu a pa Facebook ndi aja tinawerenga poyamba aja, positiyo iyenera kutuluka pa khoma lanu. Ikani pa sitetasi ya WhatsApp, podziwa kuti imafufutika pakatha maola 24 ndiye muzibwereza, ndipo pa sitetasi mufupikitse, mzere woyamba, mtengo ndi chochita basi. Ikani m'magulupu ogulitsana zinthu a kuno ku Zomba. Koma koposa zonse mupempheni kasitomala mwiniwakeyo aiike pa sitetasi yake, chifukwa wopanga chiponde amadziwana ndi wopanga uchi, amakumana ku banki nkhonde, amagula mabotolo malo amodzi. Bambo wa ku Domasi uja sanaione kwa ine positi, anaiona kwa mayi aja. Nthawi nayonso muziyang'ana, za masukulu muziposita sukulu zisanatsegulire mu Seputembala, eni ake akufunafuna ana, makhadi a ukwati muyambe mvula ikangosiya chifukwa maukwati ambiri ndi a m'chilimwe, makalendala cha mu Okutobala ndi Novembala osati mu Januwale anthu atapachika kale.

Mudziwa bwanji kuti zikuyenda? Siyani kuwerenga malaiki, ndipo konzekani kuti atsika, zimapweteka pang'ono masabata oyamba. Tengani kope, positi iliyonse muzilemba anthu angati anatumiza uthenga, angati anafika pa kotesheni, angati analipira dipoziti. Mukaposita zisanu kapena zisanu ndi chimodzi muyamba kuona pomwe pakudontha. Ngati palibe wotumiza uthenga n'komwe, vuto ndi mzere woyamba kapena malo omwe mukuposita, wogula sakuiona kapena sakudziona mmenemo. Ngati mauthenga ndi ambiri koma onse ndi "zingati?" kenako zii, ndiye kuti mtengo simunaike, kapena mwauika koma simunanene chomwe munthu alandire pa ndalamayo. Ngati akubwera ofuna za ulele, aja oti "ndipangire aise ndikutagi," onani kamvekedwe kanu, mwina mukulemba modzichepetsa kwambiri, "ndikungoyesera," "ndikuphunzira," "sapotani mwana wanu," mawu amenewo amaitana chifundo, ndipo wachifundo amalaika n'kupita. Ngati akutumiza zithunzi za mabotolo, mukukambirana bwinobwino koma pa dipoziti akuthawa, pamenepo kapishoni yagwira ntchito yake, vuto lili mu inibokisi.

Ndipo inibokisiyo imapha malonda ambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Munthu watumiza chithunzi cha botolo 9 koloko m'mawa, inu mukuyankha madzulo kuti "bho, ndiye mukufuna zotani?" Pofika nthawiyo wapeza kale mwana wa aneba wodziwa Canva. Yankhani msanga, mwaulemu, ndipo muyankhe ndi funso la ntchito, botololi ndi la magalamu angati, mumapanga angati pa mwezi, mumapulintitsa kuti. Ngati muli pa WhatsApp Business sungani yankho loyamba pa Quick replies kuti magetsi akazima kapena muli m'kalasi muzingodina. Mtengo womwe munalemba pa positi ukhale womwewo mu inibokisi, mukangosintha chifukwa mwaona kuti munthuyo ali ndi galimoto pa dipi yake, nkhani imafika ku Sadzi dzuwa lisanalowe.

Pa ntchito zomwe muli nazo kale, sankhani zitatu zomwe eni ake analipira ndipo mukhoza kuwaimbira lero. Afunseni funso limodzi, chinkakuvutani n'chani musanabwere kwa ine? Zomwe ayankhezo mulembe mmene anenera, imeneyo ndiye mizere yanu yoyamba itatu. Kenako Loweruka mutenge foni mupite komwe ntchitozo zili, kaya ndi pa shelefu ya golosale ku Chinamwali kaya ndi pa khoma la saluni ku Mpondabwino, mukajambule cha m'ma 8 koloko dzuwa lisanakwere kwambiri, ndipo musaiwale kupempha kaye mwini malo.